Milu Ingati Kuti Mpamba Ubwerere?

Pali nambala ina yomwe yandigwira mtima masiku ano, moti ndikamadutsa mumsika ndimapezeka ndikuiwerengera chamumtima. Ndikaona mayi wa mandasi, ndimadzifunsa kuti kodi ndasi lachingati ndi limene limayamba kukhala lake. Ndikaona mnyamata wa chiwaya, ndimafuna kudziwa kuti agulitsa mbale zingati mbatata, mafuta ndi nkhuni zisanamalize kudya ndalama yake. Geni iliyonse, ikule ichepe, ili ndi malire amenewa: pogulitsa pamene ndalama yolowa yangokwanira kubweza zonse zomwe zinatuluka, osapindula, osaluza. Kuseri kuno kwa malirewo ukugwirira ntchito anthu ena. Ukawadumpha m'pamene wayamba kudzigwirira wekha. Chomwe chandizunguza mutu ndi chisangalalo n'chakuti malire amenewa umatha kuwadziwa usanatulutse ngakhale tambala, uli khale pakhonde ndi kope ndi cholembera.

Ndinaziphunzira kwa msungichuma wa gulu lathu la banki m'khonde, mayi wachikulire yemwe wagulitsa tomato zaka zambiri. Nditawauza kuti ndikufuna kuyamba kupikula tomato ku Lizulu n'kumagulitsa kuno ku Lilongwe, sanafunse kuti ndikufuna ndalama zingati. Anangoti: "Mwanangu, mugulitsa milu ingati kuti zonse zibwerere?" Kenaka anandikhazika pansi n'kuyamba kundionetsa mmene yankho la funso lawolo limapezekera. Mitengo yomwe ndilembe pano ndi yongoyerekezera, ndaisalaza dala kuti masamu aoneke bwino. Aliyense aikepo mitengo ya kwawo ndi ya tsiku lake.

Chinsinsi choyamba n'chakuti ndalama zotuluka pa geni zili mitundu iwiri, ndipo siziyenera kulembedwa pamzere umodzi. Pali ndalama zomwe zimayenda ndi katundu: ukagula dengu limodzi umalipira kamodzi, ukagula awiri umalipira kawiri. Ndiye pali zina zomwe sizisamala kuti wanyamula zochuluka bwanji. Kondakitala wa minibasi amakulipiritsa mpando womwewo kaya ukukagula dengu limodzi kaya asanu. Wodula matikiti a khonsolo akafika pa benchi m'mawa safunsa ngati dzulo malonda anayenda. Amayi aja anajambula mzere pakati pa tsamba, mbali imodzi analemba kuti "zoyenda ndi katundu", mbali inayo "zokhazikika". Ntchito yonse yagona pa mzere umenewo.

Tiyambe ndi mbali ya katundu. Tinene kuti dengu lalikulu la tomato ku Lizulu, msika uja wa m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, likugulitsidwa K60,000. Kulikweza pa galimoto mpaka mtauni ndi K4,000, ndipo waganyu wolitsitsa n'kulifikitsa pa benchi akufuna K1,000. Dengu limodzi lafika pamalo ogulitsira litadya K65,000.

Funso lotsatira ndi lomwe linanditsegula maso: m'dengumo mutuluka milu ingati? Mukawerenga tomato yense mupeza, tinene, 480, ndipo pa tomato anayi mulu uliwonse ndiye kuti milu 120. Koma amayi aja anapukusa mutu. Tomato wapansi pa dengu amafika ataphwanyika ndi kulemera kwa anzake. Wina amaola musanamugulitse. Wina amapita pa banyira, chifukwa kasitomala wogula milu itatu sachoka osamuponyera mmodzi. Winanso amalowa mumphika wa pakhomo. Zonsezi zikachotsedwa, iwo amawerengera milu 100 yokha pa dengu. Tomato woola naye munamugula, ndiye mtengo wake umasenzedwa ndi tomato wabwino. Choncho K65,000 ija tiigawe kwa milu 100, osati 120. Mulu uliwonse wakudyerani K650. Muonjezepo K50 ya jumbo yoikamo, yakwana K700.

Mulu mukugulitsa K1,000. Mukachotsa K700, patsala K300. Apa m'pomwe pali msampha wokoma, chifukwa mtima umathamangira kunena kuti K300 imeneyo ndi phindu. Si phindu ayi, ikadali ndi ntchito yoti igwire kumbali ina ya tsamba.

Kumbali ya zokhazikika tinalemba za ulendo umodzi ndi masiku asanu ogulitsa, popeza tomato salola kudikira kupitirira pamenepo. Thiransipoti ya munthu, kupita ndi kubwera, K24,000. Chakudya cha panjira K4,000. Tikiti ya msika K500 patsiku, masiku asanu K2,500. Lendi ya benchi ya masiku omwewo K5,000. Kosungitsa katundu usiku K2,500. Mayunitsi oimbira foni K2,000. Kachakudya ka masana pa benchi K1,000 patsiku, yonse K5,000. Kuphatikiza zonse, K45,000.

Amayi aja anati ndiione K45,000 imeneyi ngati dzenje lomwe ndakumba ndisanagulitse kanthu. Mulu uliwonse wogulitsidwa umaponyamo dothi la K300. Dzenje likadzaza m'pamene dothi limayamba kuunjikana pamwamba, ndipo lapamwambalo ndiye phindu. Kuti mudziwe kuti dzenje lidzaza liti, mumagawa zokhazikika ndi zotsala pa mulu umodzi:

45,000 ÷ 300 = 150

Milu 150. Dengu limodzi ndi theka. Masamu a ku pulayimale enieni, koma taonani zomwe akuulula. Munthu wopita ku Lizulu ndi ndalama ya dengu limodzi waluza asanakwere n'komwe galimoto. Ngakhale agulitse milu yonse 100 pa mtengo wabwino, popanda wokongola kapena wonenerera, atolera K30,000 yokha yoponya m'dzenje la K45,000, ndipo atsala ndi chibowo cha K15,000. Iyeyo sangazindikire msanga, chifukwa madzulo aliwonse m'chikwama mumakhala ndalama. Adzangodabwa pa ulendo wachitatu kapena wachinayi kuti mpamba sukukwananso dengu, n'kuyamba kuganizira anthu kuti akumuchita chitaka.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi zomwe zimachitika ukadumpha malirewo. Madengu awiri amapereka K60,000, kuchotsa K45,000, phindu K15,000. Madengu atatu amapereka K90,000, phindu K45,000. Mwaonjezera dengu limodzi lokha, koma phindu lachuluka katatu, chifukwa dengu lachitatulo lapeza dzenje litadzaza kale, K30,000 yake yonse ndi yanu. Ndiye chifukwa chake anthu awiri angathe kukhala pa mabenchi oyandikana, tomato wofanana, mtengo wofanana, wina n'kumamanga nyumba, wina n'kumangobwereza ngongole.

Nditaona zimenezi ndinafunsa chomwe aliyense angafunse: "Nanga amayi, bwanji osangogula madengu asanu kapena asanu ndi limodzi?" Iwo anaseka n'kunena kuti nambala ija ili ndi inzake, ndipo inzakeyo ndi imene imaluma.

Nambala ya 150 ikunena zoona pokhapokha ngati katundu wotsala akadali ndalama. Wogulitsa sopo kapena shuga akagulitsa theka la katoni, theka linalo lili pa shelefu, adzaligulitsa sabata yamawa. Tomato satero. Mukangolipira mlimi, ndalama yonse ya madenguwo yasanduka yokhazikika, chifukwa wotsala pa tsiku lachisanu ndi chimodzi ndi wokataya. Choncho pa katundu woola pamafunika kuwerengera kachiwiri. Tengani madengu atatu aja: K195,000, kuphatikiza K45,000 ya zokhazikika, zonse zotuluka m'thumba ndi K240,000. Mulu uliwonse umabweretsa K950 mukachotsa jumbo. Mukagawa K240,000 ndi K950 mupeza milu 253 mwa milu 300 yomwe muli nayo.

Pamenepa ndinakhala kaye chete. Ndiye kuti phindu lonse la ulendowo lili m'milu 47 yomalizira, ndipo milu yomalizirayo ndi imene imakhala yofewa, yopsa kwambiri, yomwe makasitomala amaitembenuza n'kuibweza. Masiku anayi oyamba mukugulitsa kuti mubweze za mlimi, za dalaivala ndi za khonsolo. Zanu zimabwera tsiku lomaliza, ngati tomato wapirira.

Nambala ziwirizi zimagwira ntchito zosiyana. Yoyamba imakuuzani zochepetsetsa zomwe mungagule kuti ulendo ukhale ndi tanthauzo. Yachiwiri imakufunsani ngati malo anu angathe kumeza zomwe mukufuna kugulazo. Milu 253 pa masiku asanu ndi milu 51 patsiku. Kodi pa benchi lanu pamadutsa anthu okwana kugula milu 51 tsiku lililonse? Ngati pamatuluka milu 40 yokha, masiku asanu ndi milu 200, ndalama yolowa K190,000, ndipo madengu atatu aja akuluzitsani K50,000. Pa malo omwewo, madengu awiri akanatha onse n'kukusiyirani K15,000. Dengu lachitatu lomwe lija, lomwe linachulukitsa phindu katatu pa malo a anthu ambiri, ndi lomwe likupha geni pa malo a anthu ochepa.

Nambala ya ogula patsiku siipezeka m'kope, ndipo apa m'pomwe anthu ambiri amadzinamiza polemba zomwe akulakalaka. Njira yake ndi yokakhala pafupi ndi pomwe mukufuna kuika benchi n'kumawerenga milu yomwe ikuchoka pa mabenchi a anzanu, m'mawa ndi madzulo, pakati pa mwezi ndi pakutha pa mwezi, chifukwa masiku a malipiro amanamiza. Mukatero mukumbukirenso kuti wobwera kumene sayamba ndi makasitomala ofanana ndi a munthu yemwe wakhala pamalopo zaka zisanu. Safunsa anadya phula, koma pa nkhani iyi maso amanena zoona kuposa pakamwa pa wogulitsa mnzanu.

China chomwe sindinkachidziwa n'chakuti malire amenewa amasuntha kwambiri ndi kusintha kochepa. Mukatsitsa mulu kuchoka pa K1,000 kufika pa K900, mwachotsa gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a mtengo. Koma K100 imeneyo siichoka pa K700 ya katundu, imachoka pa K300 yanu ija, n'kutsala K200. Malire achoka pa milu 150 kufika pa 225. Mukatsitsa kufika pa K800, patsala K100, malire afika pa milu 450. Pa K700 palibenso malire oti muwadumphe: gulitsani lole yathunthu, dzenje likhala momwemo.

Komatu pa msika wa tomato mtengo sukonda kusintha poyera. Mulu umakhalabe wa K1,000, chomwe chimasintha ndi kukula kwa mulu. Tomato akachuluka mumsika, wa benchi loyandikana nanu amayamba kuika asanu m'malo mwa anayi, ndipo nanunso mumakakamizika kutero. Zimaoneka ngati n'zachabechabe, tomato mmodzi yekha. Tiwerengere. Tomato wabwino 400 uja tsopano akutulutsa milu 80, osati 100. Milu 80 pa K950 ndi K76,000. Kuchotsa K65,000 ya dengu, patsala K11,000 pomwe poyamba pankatsala K30,000. Kuti K45,000 ibwerere mukufunika madengu opitirira anayi, pomwe kale limodzi ndi theka linkakwana. Tomato mmodzi pa mulu wasandutsa ulendo wopindulitsa kukhala wongoperekeza anthu. Kuyambira pomwe ndinaona masamu amenewa, ndikamagula ndiwo ndimawerenga tomato wa pa mulu ndi ulemu wina.

Kuola nako kumagwira ntchito yomweyo mwakachetechete. M'nyengo yotentha ya Okotobala ndi Novembala tomato amapsa msanga, ndipo masiku asanu aja akhoza kukhala atatu. M'nyengo ya mvula amasowa n'kukwera mtengo, komanso wothyoledwa ali wonyowa sachedwa kuchita mawanga n'kuola. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi sagula dengu la tomato wofiira yekhayekha. Amasakaniza wakupsa wogulitsa lero ndi mawa, ndi wongoyamba kuyezuka woti adzapse pofika tsiku lachinayi. Amapisanso dzanja m'kati mwa dengu asanalipire, popeza wokongola amaikidwa pamwamba. Ndipo akamaliza kugulitsa amalemba milu yeniyeni yomwe yatuluka, kuti ulendo wotsatira asadzawerengere 100 pomwe dengu likutulutsa 85.

Gawo lomwe ndalikonda koposa ndi lotembenuza masamuwa chadodolido. M'malo mofunsa kuti ndigulitsa milu ingati, mumafunsa kuti dengu ndingaligule pa mtengo wokwera bwanji ndisanayambe kuluza. Tinene kuti mwatsimikiza kuti malo anu amameza milu 300. Ndalama yolowa ndi K285,000. Chotsani K45,000 ya zokhazikika, patsala K240,000, yomwe ndi K80,000 pa dengu. Chotsaninso K5,000 yonyamulira. Yatsala K75,000. Pa mtengo umenewo mwangosinthanitsa ndalama, thukuta lonse lapita pachabe.

Ndipo thukutalo liyenera kulembedwa. Amayi aja amalimbikira kuti munthu adzilembere malipiro kumbali ya zokhazikika, chifukwa masiku asanu ndi limodzi amenewo akanatha kugwira ganyu kwina. Mukadziikira K5,000 patsiku, ndi K30,000, zokhazikika zafika K75,000, malire akwera kufika pa milu 250, ndipo mtengo wokwera kwambiri womwe mungalipire pa dengu watsika kufika pa K65,000. Ngati mpamba ndi wangongole, kaya wa banki m'khonde kaya wa katapila, chiwongoladzanja cha masiku amenewo chilowenso pamzere womwewo. Tsono mumafika pa msika muli ndi nambala m'mutu. Mlimi akati K62,000, mukudziwa kuti mukhoza kulola. Akakakamira pa K70,000, simukangana naye, mumathokoza n'kupita pa dengu lina. Kunenerera kwa munthu wodziwa malire ake n'kodekha, chifukwa sakuyerekeza.

Masamu omwewa anayankhanso funso lomwe ndinkaliona ngati losafuna kufunsa, lakuti kugula kumunda n'kotchipa kuposa kugula mtauni. Tinene kuti dengu lomwelo, kwa opikulitsa a mtauni monga a pa msika wa Wakawaka, lili pa K75,000, ndipo kulifikitsa pa benchi ndi K2,000. Ladula ndithu, ndipo pa dengu patsala K18,000 yokha m'malo mwa K30,000. Koma ulendo wautali uja wachoka pamodzi ndi chakudya chake, m'malo mwake mwalowa K2,000 ya minibasi ya mtauni, ndipo zokhazikika zatsika kufika pa K19,000. Malire ali pa milu 106, kungopitirira dengu limodzi pang'ono. Pa madengu awiri, wogula mtauni apeza K17,000 pomwe wopita ku Lizulu apeza K15,000. Pa madengu atatu zinthu zatembenuka: wa mtauni K35,000, wa ku Lizulu K45,000. Palibe njira yoposa inzake nthawi zonse. Wa mpamba wochepa ndi makasitomala ochepa apindula pogula modula pafupi, ndipo ulendo wautali umayamba kulipira pokhapokha katundu akachuluka. Ena amadula zokhazikikazo pakati potumana: awiri kapena atatu amasonkha, mmodzi n'kupita kukagulira onse.

Chenjezo limodzi lomwe amayi aja anabwereza n'lakuti tsamba limeneli limakalamba msanga. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta ndi thiransipoti inakwera m'masiku ochepa, ndipo aliyense yemwe ankayendera masamu a mwezi wapitawo anali kuyendera malire omwe anali atasuntha kale. Nkhani si kubweza ndalama yomwe munagulira dzulo yokha, koma kutolera yokwanira kukagulanso mawa. Ngati dengu lakwera kufika pa K68,000 inu mukadali kugulitsa la K60,000, K8,000 yoonjezerayo ichoke pa zomwe mukuzitcha phindu musanazidye. Choncho masamuwa ndi ochita usiku uliwonse wotsogolera ulendo, mutaimbira foni munthu wa kumsikako kuti akuuzeni mtengo wa tsikulo.

Zofunika kudziwa musanagule n'zisanu zokha: mtengo wa katundu atafika pa benchi, milu yeniyeni yomwe atulutse, mtengo wogulitsira, zokhazikika zonse pamodzi ndi malipiro anu, ndi milu yomwe malo anu amameza katundu asanaonongeke. Wa usipa angoika ndowa pomwe ine ndaika dengu, wa mazira aike thireyi, wa kaunjika aike belo.

Ine nditawerenga pa malo omwe ndapeza, ndinaona kuti wobwera kumene ngati ine asayembekezere milu yopitirira 40 patsiku. Tsamba langa layankha mosabisa mawu kuti ku Lizulu kudikire kaye. Ndiyamba ndi madengu awiri ogula mtauni momwe muno, ndipo pa tsamba lomwelo ndalemba kale chizindikiro chosinthira: tsiku lomwe benchi lidzayambe kutulutsa milu 60 patsiku kwa masabata angapo otsatizana, madengu atatu adzakhala akutha, ndipo thiransipoti ya K24,000 ija idzakhala ikudzilipira yokha.